Akaunti Yatsekeka, Zithunzi Zili M'kati: Ulembe Chiyani?

Tiyerekeze wophunzira zomangamanga amene kwa zaka zinayi wakhala akujambula nyumba zomwe amagwirako ntchito, kuyambira pa maziko mpaka denga, n'kumasunga zithunzizo mu Google Photos pa akaunti ya sukulu. Atamaliza maphunziro, akupeza kuti akauntiyo sikutsegukanso.

Choyamba adziwe kolembera. Akaunti ya sukulu imayang'aniridwa ndi ofesi ya makompyuta ya pasukulupo, choncho kulembera Google n'kutaya nthawi. Asazengerezenso, chifukwa akaunti ikafufutidwa, woyang'anira amatha kuibwezeretsa m'masiku 20 okha. Akadutsa masikuwo, zithunzi zapita.

Uthenga wake ukhale wotere: "Zikomo bwana. Ndinali wophunzira wanu, ndipo nambala yanga ndi adiresi ya akaunti ndazilemba pansipa. Ndinalowamo komaliza Lachiwiri lapitali. Tsopano ndikayesa, pakubwera mawu amene ali pa chithunzi ndatumizachi. Muli zithunzi za ntchito yanga ya zaka zinayi, ndipo ndilibe kwina komwe ndinazisunga. Chonde mundiuze ngati yangoimitsidwa kapena yafufutidwa, ndipo munditsegulire kwa masiku atatu kuti ndizikopere ndi Google Takeout."

Funso limenelo ndi lofunika, pakuti akaunti yoimitsidwa imakhala ndi zonse m'kati, pomwe yofufutidwa masiku ake akuwerengeka. Tsiku ndi chithunzicho zimathandiza woyang'anira kupeza vuto msanga.

Pasiwedi asailembe mu uthengawo. Wothandiza weniweni saifuna, ndipo aliyense woipempha, kapena wofuna ndalama kuti atsegule akaunti, ndi wakuba.