Pamene ntchito ziwiri zadikirana m'kompyuta ya banki

Mayi wina akutumiza K50,000 kuchoka mu akaunti yake, nambala 101, kupita ku akaunti 202. M'kuphethira kwa diso komweko, mwini akaunti 202 akutumizanso K20,000 ku 101. Ndalama zilimo konsekonse ndipo makina ali bwinobwino, komabe ntchito zonse ziwiri zikhoza kuima chilili, iliyonse ikudikira inzake. Akatswiri a makompyuta vutoli amalitcha dediloko.

Gwero lake ndi lamulo labwino ndithu. Nkhokwe yosunga maakaunti, imene imatchedwa detabesi, imaona kutumiza ndalama ngati ntchito imodzi yosagawika: ichitike yonse, apo ayi isachitike n'komwe. Ntchito ya mayi uja imalembedwa motere:

```sql
BEGIN;
UPDATE akaunti SET ndalama = ndalama - 50000 WHERE nambala = 101;
UPDATE akaunti SET ndalama = ndalama + 50000 WHERE nambala = 202;
COMMIT;
```

Ikangokhudza akaunti, ntchito imakhomapo loko kuti ina isasinthe kanthu, ndipo siimasula lokoyo mpaka itafika pa `COMMIT`. Tsono ntchito yoyamba yachotsa K50,000 ndi kutseka 101. Yachiwiri yachotsa K20,000 ndi kutseka 202. Yoyamba pofika pa 202 yapeza potseka, yaima. Yachiwiri pofika pa 101 yapezanso potseka. Iliyonse yafumbata chimene inzake ikufuna, ndipo palibe imene ingataye chake isanamalize.

Kudikira pakokha si vuto, pakuti ntchito zimadikirana tsiku lonse ndipo mzere umayenda. Kuti isiyanitse mzere woyenda ndi wokakamira, detabesi imajambula chithunzi cha odikirana. Ntchito iliyonse ndi kadontho, ndipo muvi umachoka pa yodikira kuloza yogwira loko. Munthu akatsata mivi n'kukathera pa ntchito imene sikudikira aliyense, palibe chodetsa nkhawa. Koma mivi ikazungulira n'kubwerera pamene inayambira, ndiye kuti zamangana. Kuzungulirako kungadutse pa ntchito ziwiri, zitatu kapena khumi.

Kufufuzaku kumadya mphamvu za makina, n'chifukwa chake ena sachita nako phuma. PostgreSQL imayamba yalola ntchito kudikira sekondi imodzi, nthawi yoikidwa mu `deadlock_timeout`, kenako ndi pamene imafufuza. SQL Server ya Microsoft imazonda pamasekondi 5 aliwonse, ndipo imafupikitsa nthawiyo mavuto akamachuluka.

Vuto likapezeka, mankhwala ndi amodzi basi: ntchito ina iperekedwe nsembe. Zonse zimene inachita zimafufutidwa, maloko ake amamasuka, inzake n'kudutsa. Ikasankhidwa yachiwiri ija, K20,000 imabwerera mu 202 ngati sinachokemo, ndipo ndalama za mayi zimafika.

Nanga igwe ndi iti? InnoDB, imene imasunga zinthu mu MySQL, imayesa kusankha ntchito yaying'ono, yomwe yasintha mizere yochepa. SQL Server imayang'ana yosavuta kufufuta, koma wolemba pulogalamu atha kuteteza ntchito yofunika kwambiri pokweza `DEADLOCK_PRIORITY` yake. Yogwayo imalandira uthenga: nambala 1205 mu SQL Server, 1213 mu MySQL, ndi `deadlock detected` mu PostgreSQL. Pulogalamu yolembedwa mosamala ikaona uthengawu imayambiranso ntchitoyo kuchokera pa `BEGIN`, mwini ndalama osadziwa kanthu. Yolembedwa mwachisawawa imangomuuza kuti zakanika. Choopsa china n'chakuti ntchito imodzimodziyo itha kumagwa mobwerezabwereza, osafika kumapeto.

Mu 1978, Rosenkrantz, Stearns ndi Lewis anafalitsa njira zopewera vutoli potengera msinkhu. Ntchito iliyonse imapatsidwa chidindo cha nthawi imene yayambira. M'njira imodzi, yakale imaloledwa kudikira yatsopano, koma yatsopano ikapeza loko wa yakale imafa n'kukayambiranso. Kudikira kumayenda mbali imodzi yokha, motero mivi singazungulire. Ndipo popeza yakufayo imasunga chidindo chake choyamba, imakula msinkhu mpaka palibenso woigwetsa. Kuipa kwake n'kwakuti ntchito zina zimafa pachabe, ngakhale pamene sizikanamangana.

Njira yotsika mtengo ili m'manja mwa wolemba pulogalamu. Edward Coffman ndi anzake awiri analongosola mu 1971 zinthu zinayi zimene ziyenera kukumana kuti dediloko ichitike, ndipo chimodzi mwa izo ndi kudikirana kozungulira kuja. Chimathetsedwa pogwirizana kuti maloko azikhomedwa m'ndondomeko imodzi, mwachitsanzo kuyambira akaunti ya nambala yaying'ono, kaya ndi yotumiza kaya ndi yolandira. Apa ntchito zonse ziwiri zithamangira 101. Yofika msanga itseka 101, kenako 202, n'kumaliza. Inayo idikira kanthawi ili chimanjamanja, yosatsekereza aliyense, ndipo K50,000 ndi K20,000 zonse zifika kwa eni ake.