Mneni wa Chifalansa pa kufuna, kukayika ndi mantha

M'Chifalansa, mneni amasintha maonekedwe akabwera pambuyo pa mawu osonyeza kufuna, kufunika, kukayika kapena mantha. Afalansa amautcha kuti *subjonctif*, ndipo ntchito yake ndi kusonyeza kuti chinthucho sichikunenedwa ngati chochitika, chikadali mumtima mwa woyankhula. Wodziwa Chichewa sayambira patali, chifukwa kanenedwe ka chifuniro kaliponso kwathu: "abwera" ndi kufotokoza chabe, koma mu "ndikufuna kuti abwere" mneni wathera ndi -e. Chifalansa chimachitanso chimodzimodzi. *Il vient* ndi "akubwera", pamene *je veux qu'il vienne* ndi "ndikufuna kuti abwere".

Kapangidwe kake n'kosavuta. Wolemba amatenga mneni wa anthu ambiri m'nthawi yatsopano, monga *ils partent*, n'kuchotsa *-ent*, kenaka n'kulumikiza *-e, -es, -e, -ions, -iez, -ent* pa tsinde lotsalalo. Aneni ena ofala satsata njirayi ndipo amafunika kuwaloweza: *être* amapereka *soit*, *avoir* amapereka *ait*, *faire* amapereka *fasse*.

Pa kufuna ndi kufunika, zinenero ziwirizi zimayenda limodzi. *Il faut que tu partes* ndi "m'pofunika kuti upite". Koma pali malire amene Chichewa chilibe. M'Chichewa munthu akhoza kunena "ndikufuna kupita" kapena "ndikufuna kuti ndipite", zonse n'kukhala bwino. Chifalansa chimakana njira yachiwiriyo. Wofunayo akakhala yemweyo wochita, mneni amatsala wosasinthika: *je veux partir*. Ophunzira ambiri amalemba *je veux que je parte* potsata Chichewa, ndipo kumeneku ndi kulakwa. Choyamba kuchiona m'chiganizo, tsono, ndi chakuti kodi eninkhani alipo awiri kapena mmodzi.

Pa kukayika ndi pamene Chichewa chimasiya kuthandiza. Amene akuti "ndikukayika ngati abwera" sasintha mneni, koma Mfalansa ayenera kunena *je doute qu'il vienne*. Apa mneni mmodzi yemweyo akhoza kufuna zinthu ziwiri zosiyana. *Je pense qu'il viendra*, "ndikuganiza kuti adzabwera", ndi chiganizo cha munthu amene akuvomereza, choncho mneni ndi wongofotokoza. Akangotsutsa, chikayiko chalowa, ndipo chiganizo chimakhala *je ne pense pas qu'il vienne*. Kusiyana komweku kuli pakati pa *il est probable que*, amene kawirikawiri amatsatidwa ndi mneni wongofotokoza chifukwa chinthucho chikuoneka kuti chichitikadi, ndi *il est possible que*, amene amafuna *subjonctif* chifukwa chikhoza kuchitika kapena ayi.

M'zitsanzo zimenezi muli mfundo ina yosavuta kuiphonya. *Viendra* ndi nthawi yamtsogolo, koma *vienne* alibe mtsogolo mwake. Amaimira lero ndi mawa lomwe. Ngati nkhaniyo inachitika kale, pamafunika mawu awiri: *je doute qu'il soit venu*, "ndikukayika ngati anabwera".

Mneni *espérer*, kuyembekezera, ndi msampha weniweni. Tanthauzo lake lili pafupi ndi kufuna, koma m'chiganizo chovomereza amatenga mneni wongofotokoza: *j'espère qu'il viendra*. Mnzake *souhaiter*, kulakalaka, amafuna *qu'il vienne*. Ndi bwino kuwaphunzira awiriwa pamodzi kusiyana n'kudalira tanthauzo lokha.

Mantha nawo ali ndi kanthu kake. Mayi amene akuopa kuti mwana wake angakhale akudwala amati *j'ai peur qu'il soit malade*. M'zolemba ndi m'mayankhulidwe aulemu mumalowa *ne* patsogolo pa mneni: *je crains qu'il ne vienne*. *Ne* ameneyu satsutsa kanthu, ndipo tanthauzo ndi "ndikuopa kuti angabwere". Kutsutsa kwenikweni kumafuna *pas*: *je crains qu'il ne vienne pas*, "ndikuopa kuti sabwera". Womasulira kalata akapanda kusamala apa amatembenuza uthenga wonse, mlendo woopedwa n'kusanduka mlendo wodikiridwa.

Chimene chimabisa zolakwa ndi chakuti aneni ambiri othera ndi *-er* kawirikawiri saonetsa kusintha: *il parle* ndi *il faut qu'il parle* amalembedwa ndi kumveka mofanana. Wophunzira akhoza kulemba ziganizo zambiri zolondola asanadziwe lamulolo, n'kudzagwa akakumana ndi *faire* kapena *être*. Njira yodziyesera ndi kuika *faire* m'malo mwa mneni wokayikitsayo. Ngati chiganizo chikufuna *fasse*, monga mu *il faut qu'il le fasse*, ndiye kuti mneni woyambayo analinso *subjonctif*. Ngati chikufuna *fait* kapena *fera*, anali wongofotokoza.