Udindo wakwera, mbiri nayo isinthe: zosunga ndi zotaya

Pamsonkhano wa alimi ndi mabungwe obwereketsa ndalama, woyendetsa mwambo amatenga kapepala n'kuyamba kudziwitsa anthu mlendo wolemekezeka. Amawerenga kuti mayiyu ndi kalaliki wa zangongole, anali mtsogoleri wa ophunzira anzake ali ku sekondale, ndipo amadziwa kugwiritsa ntchito kompyuta. Anthu amawomba m'manja mwaulemu. Koma mayi amene akuimirira kuti alankhule ndi manejala wa nthambi yonse, ndipo ukalalikiwo anausiya chaka chatha. Kapepalako kanachokera kwa mwini wake: anangotumiza mbiri yakale imene inali pafupi mufoni.

Zoterezi n'zofala m'misonkhano, m'makalata opempha thandizo kwa mabungwe, ndiponso pa LinkedIn. Munthu akakwezedwa amakumbukira kusintha chikwangwani cha pachitseko ndi chidindo, koma ndime ija yofotokoza kuti iye ndani imatsala m'mbuyo. Ena amaisintha ndithu, koma mongowonjezera: amamata udindo watsopano pamwamba, zakale zonse n'kuzisiya mmene zinalili, mpaka mbiri imene imayenera kuwerengedwa m'theka la mphindi imasanduka tsamba lathunthu.

Mbiri yachidule si siivi. Siivi imandandalika ntchito zonse ndi zaka zake, ndipo woiwerenga amakhala pansi ndi cholembera. Mbiri yachidule ndi mawu ochepa, kawirikawiri 50 mpaka 150, amene amayankha funso limodzi la mlendo: munthuyu ndimumvere chifukwa chiyani? Malo ake amakhalanso opanikiza. Pa X munthu ali ndi zilembo 160 zokha, pa Instagram 150, ndipo kamzere ka pansi pa dzina pa LinkedIn, kotchedwa Headline, kamathera pa zilembo 220. Chiganizo chilichonse chakale chimene chasungidwa chimalanda malo a chiganizo china chimene chikanagwira ntchito.

Ambiri akafuna kudulira amayambira pa zaka: chakale kwambiri chichoke, chatsopano chikhale. Muyezo umenewu ndi wosocheretsa. William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu anapanga makina a mphepo opangira magetsi ali mnyamata wa zaka 14, pogwiritsa ntchito zitsulo zotayidwa ndi zida za njinga. Chichokereni nthawiyo analemba buku limene linatuluka mu 2009, anamaliza maphunziro ku Dartmouth College ku America mu 2014, ndipo nkhani yake inakhala filimu mu 2019. Komabe kulikonse kumene amamuitana, makina aja amatchulidwa koyambirira, ngakhale ndiwo akale kuposa zonse. Sanaguge chifukwa ndiwo amafotokoza chimene iye amachita mpaka lero, kuthetsa mavuto a kumudzi ndi luso la manja. Kuwachotsa kukanasiya digiri ndi filimuyo zilibe poyambira.

Chimodzimodzi Ngozi Okonjo-Iweala wa ku Nigeria. Atakhala mkulu wa bungwe loona zamalonda padziko lonse, la WTO, mu 2021, mbiri yake sinataye zaka 25 zimene anagwira ku World Bank, kapena kuti anakhalapo nduna ya zachuma kawiri, kuyambira 2003 mpaka 2006 komanso 2011 mpaka 2015. Zokambirana za mu 2005 zimene zinachititsa kuti dziko lake likhululukiridwe ngongole ya madola 18 biliyoni zimatchulidwabe, pakuti udindo wake watsopano ndi wogwirizanitsa mayiko amene akukokanakokana pankhani za ndalama, ndipo zokambiranazo ndi umboni woti anazichitapo kale.

Choncho muyezo woyenera ndi udindo watsopanowo. Chipambano chakale chimatsala ngati chikusonyeza kuti munthuyu angathe zimene wapatsidwa tsopano. Ngati chikungosonyeza kuti ankachita bwino ntchito imene waisiya, chimabwerera mu siivi, kumene kuli malo ake.

Tiyerekeze za mayi wa pamsonkhano uja. Wagwira zaka zisanu ndi zinayi pabungwe lobwereketsa ndalama kwa amalonda ang'onoang'ono, ndipo tsopano wapatsidwa nthambi ya antchito 14. Mbiri yake yakale imati ndi kalaliki wa zangongole wolimbikira ndi wodzipereka, anakhoza bwino MSCE, anaphunzira zamalonda ku Polytechnic, anabwereketsa ndalama zokwana K40 miliyoni mu 2019, anasankhidwa kukhala wantchito wabwino wa mwezi kawiri, anayambitsa njira yobwezera ngongole pafoni imene inatsitsa chiwerengero cha obweza mochedwa kuchoka pa 18 kufika pa 7 mwa anthu 100 aliwonse, anaphunzitsa ntchito makalaliki atsopano asanu ndi mmodzi, ndipo amadziwa Word ndi Excel.

Zotaya zina n'zosavuta. MSCE yaphimbidwa ndi digiri. Word ndi Excel aliyense muofesi amayembekezeka kuzidziwa, ndipo manejala akazitchula amadzichepsa yekha. "Wolimbikira ndi wodzipereka" ndi mawu amene wina aliyense angadzilembere popanda woutsutsa, choncho sanena kanthu.

Mphoto ya wantchito wa mwezi ndiyo imapweteka kuichotsa, chifukwa mayiyu anaikhetsera thukuta ndipo mwina satifiketi yake ili pakhoma kunyumba. Koma mphotoyo inamuyerekeza ndi makalaliki anzake, omwe lero ndi anthu amene akuwayang'anira. Mlimi kapena woimira bungwe lothandiza amene akumvetsera pamsonkhano sakufuna kudziwa ngati mayiyu ankaposa anzake pa desiki. Akufuna kudziwa ngati nthambi ili m'manja odalirika.

K40 miliyoni ija ili ndi vuto lina, limene aliyense wolemba mbiri m'Malawi ayenera kulisamala. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, pamene dola inachoka pa K1,180 n'kufika pafupifupi K1,700. Ndalama imene inali yogometsa mu 2019 lero ingamveke yochepa, ndipo wowerenga amene sakuona chaka angaganize kuti mayiyu ankasamala kathumba kakang'ono. Chiwerengero cha makwacha chimaguga msanga kuposa cha anthu kapena cha maperesenti. Ngati n'kofunika kuchisunga, chaka chake chikhale pambali pake. Koma apa pali chiwerengero china chabwino kuposa pamenepo, ndiye ichi chingachoke.

Chiwerengerocho ndi cha obweza mochedwa. Kuchoka pa 18 kufika pa 7 kudzamveka chimodzimodzi ngakhale kwacha itatsikanso, ndipo kumakhudza chimene manejala wa nthambi amayesedwa nacho mwezi ndi mwezi: ndalama zimene zinatuluka zikubwerera? Kuphunzitsa makalaliki asanu ndi mmodzi nakonso, komwe kunali kumapeto m'mbiri yakale ngati kongowonjezera, tsopano kwasanduka kofunika, chifukwa ndi umboni wokhawo woti anatsogolerapo anthu asanapatsidwe mpando. Izi zimachitika kawirikawiri munthu akakwezedwa. Zimene ankaziona ngati zapambali, monga kuphunzitsa anzake, kukonza ndondomeko ya ntchito kapena kuimirira bwana pamsonkhano, ndizo zimakwera pamwamba, ndipo zimene ankanyadira kwambiri zimatsika.

Dzina la sukulu likufunanso kulisamala. Mu 2021 Polytechnic inaima payokha n'kukhala Malawi University of Business and Applied Sciences, MUBAS, monganso College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing zinaphatikizana n'kukhala Kamuzu University of Health Sciences. Amene anamaliza maphunziro izi zisanachitike satifiketi yake imanena University of Malawi, ndipo mbiri yake iyenera kugwirizana ndi pepalalo. Kulemba kuti digiri inachokera ku MUBAS pamene sukuluyo inali isanakhale ndi dzinali kungadzetse mafunso wina akadzafuna kutsimikiza. Njira yabwino ndi kutchula dzina la pa satifiketi n'kuwonjezera kuti sukuluyo pano ndi MUBAS.

Akatha kupeta chonchi, mbiri yatsopano ingamveke motere: "Mayi Uje ndi manejala wa nthambi ya bungwe lobwereketsa ndalama kwa amalonda ang'onoang'ono, ndipo amayang'anira antchito 14. Agwira ntchito ya zangongole kwa zaka zisanu ndi zinayi. Asanakwezedwe anayambitsa njira yobwezera ngongole pafoni imene inatsitsa obweza mochedwa kuchoka pa 18 kufika pa 7 peresenti, ndipo anaphunzitsa makalaliki asanu ndi mmodzi. Ali ndi digiri ya zamalonda ya University of Malawi, yochokera ku Polytechnic, imene pano ndi MUBAS." Woyendetsa mwambo angaiwerenge osapumira panjira, ndipo womvetsera amadziwa udindo, kukula kwake, ndi chifukwa chake mayiyu anaupatsidwa.

Mawu akuti "asanakwezedwe" ndi ofunika kwambiri m'ndimeyi. Chizindikiro chodziwikiratu cha mbiri yosinthidwa mothamanga ndi kusokonezeka kwa nthawi: chiganizo choyamba chikuti ndi manejala, chachitatu chikuti "amayendera makasitomala tsiku lililonse kukatolera ngongole". Ntchito ya udindo wakale ilembedwe ngati yakale. Mawu monga "posachedwapa" kapena "chaka chatha" nawonso amavunda mwakachetechete, chifukwa mbiri imakhala m'mafayilo a anthu kwa zaka zambiri. Chaka chenicheni n'chodalirika.

Pali chiyeso chinanso chimene chimabwera ndi mpando watsopano, chodzitengera zimene gulu linachita. Manejala wa miyezi iwiri sangalembe kuti anakulitsa nthambi, pakuti kukulako kunachitika m'manja mwa amene wam'lowa m'malo, ndipo antchito 14 aja amawerenga. M'miyezi yoyambirira mbiri inene kukula kwa udindo, monga anthu angati, maboma angati, makasitomala angati, ndipo zipambano zikhale za udindo wakale kufikira zatsopano zitaoneka. Ziwerengero za m'kati mwa bungwe nazo si zonse zololedwa kutuluka kunja. Mayi wa m'chitsanzochi ayenera kufunsa kaye mabwana ake asanalengeze za obweza mochedwa, ndipo akakana, angalembe kuti chiwerengerocho chinatsika ndi kupitirira theka.

Nthawi yosinthira ndi pamene kalata yotsimikiza udindo yafika ndipo bungwe lauza antchito ake. Amene akungogwirizira mpando alembe kuti akugwirizira. M'boma ndi m'makampani anthu amagwirizira miyezi yambiri, kenako mpandowo n'kupita kwa wina, ndipo kufufuta udindo umene munthu anadzipatsa yekha pamaso pa anthu n'kochititsa manyazi. Pa LinkedIn, udindo watsopano uwonjezedwe pansi pa bungwe lomwelo, wakalewo n'kuuikira mwezi umene unathera, m'malo molemba dzina latsopano pamwamba pa lakale. Kulemba pamwamba kumafafaniza umboni wa kukwezedwako, ndipo kumaonetsa ngati munthu anali manejala kwa zaka zonse zisanu ndi zinayi. Pamenepo palinso batani lolembedwa Notify network, limene likayatsidwa limadziwitsa anthu onse olumikizana naye za kusinthako. Amene sakufuna kulengeza aliyang'ane asanasunge.

Chotsala ndi kusaka makope akale. Mbiri imodzi imakhala m'malo ambiri: pansi pa imelo, pa tsamba la bungwe, kwa mlembi wa komiti ya sukulu kapena ya mpingo kumene munthu amatumikira, ndi kwa okonza misonkhano amene anaisunga kuchokera ulendo wapita. Mayi wa m'chitsanzochi angakonze makope atatu, kamzere kamodzi, ndime ya mawu 60 ndi ina ya mawu 150, n'kulemba mwezi ndi chaka m'dzina la fayilo iliyonse, kenako n'kutumiza kope latsopano kwa onse amene ali ndi lakale, ndi kufufuta lakalelo mufoni mwake.