Kuchotsa ubiriwiri wotsalira m'mphepete mwa munthu pa kanema

Penyani bwino kanema wa nyimbo amene woimba waikidwa m'mitambo kapena m'nyumba yachifumu. Nthawi zambiri m'mphepete mwa tsitsi, m'makutu ndi pamapewa mumaoneka kamzere kobiriwira. Woimbayo anajambulidwa ataima kutsogolo kwa nsalu yobiriwira, kenako nsaluyo inafufutidwa pa kompyuta. Koma magetsi akawalira nsalu, kuwala kwina kumanjanja n'kukagwera pa munthuyo. Ubiriwiri umenewu uli pathupi pake penipeni, choncho kufufuta nsalu sikuuchotsa. Malaya oyera, magalasi a maso ndi chipumi chonyezimira ndi thukuta ndizo zimautola kwambiri.

Ongoyamba kumene amathamangira kudula m'mphepete mwa munthuyo, kumuchepetsa mpaka kamzereko katapita. Kamapitadi, koma kamapita ndi nsonga za tsitsi, makutu n'kuoneka ngati odulidwa ndi lumo. Vuto apa ndi la mtundu, ndiye pafunika kukonza mtunduwo, m'mphepete n'kusiya chikhalire.

Chithunzi cha pa kompyuta chimapangidwa ndi timadontho, ndipo kadontho kalikonse kali ndi manambala atatu: lofiira, lobiriwira ndi labuluu, lililonse kuyambira 0 mpaka 255. Mapulogalamu ambiri amaikira nambala yobiriwira malire, kuti isapose pakati pa zinzake ziwirizo:

```
G = min(G, (R + B) / 2)
```

Titenge kadontho ka m'mphepete mwa phewa kokhala ndi kufiira 120, kubiriwira 170 ndi buluu 100. Pakati pa 120 ndi 100 pali 110, ndiye kubiriwirako kutsika kuchoka pa 170 kufika pa 110. Khungu lokhala ndi 150, 105 ndi 80 silikhudzidwa, chifukwa 105 ndi wochepa kale poyerekeza ndi malire ake, 115.

Mavuto amayamba woimba akavala chitenje chachikasu. Chikasu n'chosakaniza cha kufiira ndi kubiriwira, mwachitsanzo 230, 210 ndi 40. Malire apa ndi 135, choncho 210 uja agwa mpaka 135, chitenje n'kusanduka cha mtundu wa lalanje. Kompyuta sidziwa kuti uku n'kubiriwira kwa nsalu yakumbuyo, uku n'kwa chovala. Imangowerenga manambala basi. Njira ina ndiyo kuika malire pa kufiira kokha. Pamenepo 210 sakhudzidwa chifukwa sanapose 230, koma paphewa paja 170 angotsika kufika pa 120, ndipo pamatsala kachikasu pang'ono. Ena amaika malire pa buluu, zimene zimachotsa ubiriwiri wonse koma nkhope zimafiirira ngati munthu wapsa. Ine ndimaona kuti kuli bwino kusafunafuna malire amodzi okwanira chithunzi chonse. Jambulani mzere wozungulira chitenjecho kuti chisakhudzidwe, kapena lamulani kuti kukonzako kuchitike m'kachigawo kopyapyala ka m'mphepete mokha.

Chinthu chachiwiri chimene ambiri sachiyembekezera ndi mdima. Pa kawerengedwe ka kanema wa HD, kubiriwira kumanyamula pafupifupi 72 peresenti ya kuwala konse. Kuchotsa 60 paphewa paja ndiye kuti mwachotsanso kuwala kokwana pafupifupi 43, ndipo m'malo mwa kamzere kobiriwira mumapeza kakuda kozungulira munthu. Kuwalako kuyenera kubwezedwa. Mutha kukubweza mofanana ku manambala onse atatu, m'mphepete n'kukhala motuwa, koma zimakhala bwino kwambiri mukakubweza ndi mtundu wa malo atsopanowo. Ngati woimba waikidwa padzuwa lolowa, m'mphepete mwa tsitsi mufiirire pang'ono, monga zikanakhalira akanaimadi pamalopo.

Mayina a zida zake amasiyana. Mu Premiere Pro, Ultra Key ili ndi gawo la Spill Suppression, ndipo Luma ndiyo imabwezera kuwala. Mu After Effects muli Advanced Spill Suppressor, imene imaikidwa pambuyo pa Keylight. Oulutsa mapemphero kapena misonkhano ndi OBS apeza Key Color Spill Reduction. Kwezani pang'onopang'ono, chithunzi mutachikulitsa, ndipo muziyang'ana pamene munthu akugwedeza dzanja mofulumira, poti ndi pomwe nsalu ndi thupi zimasakanikirana kwambiri. Mano, maso kapena malaya oyera zikayamba kuoneka za pinki, mwapyola muyezo.

Pali kanema wina amene savomera kukonzedwa bwinobwino. Mafoni ndi makamera ambiri amasunga mtundu umodzi wokha pa timadontho tinayi tilitonse, choncho ubiriwiri umalowerera mkati mwa tsitsi n'kuoneka m'timabokosi. Wojambula ndi zida zotere aimike munthu mamita awiri kapena atatu kuchokera pa nsalu, asawalitse nsaluyo mopitirira, aphimbe ndi nsalu yakuda pansi pamene kamera sikuona, ndipo aike getsi laling'ono kumbuyo lowalira tsitsi ndi mapewa.