Makoma a ku India angakusokonezeni: werengani manambala

Ku Mfuwe ndi ku boma la Mambwe, mapepala ochokera ku India si achilendo masiku ano. Njinga zamoto za Boxer zimene zadzaza mumsewu wa ku Chipata ndi za kampani ya ku India ya Bajaj, mankhwala ambiri m'zipatala amachokera komweko, ndipo mabanja ena amatumiza odwala awo ku Delhi kapena ku Chennai. Chimene ndaona n'chakuti pepala la mtengo likafika pa foni, anthu amakangana pa makoma asanayambe n'komwe kukambirana za ndalama.

Ife kuno timadula nambala patatupatatu: 1,000 kenako 1,000,000. Olankhula Chihindi ndi Chibengali, ku India ndi ku Bangladesh, amadula patatu koyamba kokha kuchokera kumanja, kenako pawiripawiri. Choncho 100,000 yathu iwo amalemba 1,00,000 ndipo amaitcha laki imodzi. Malaki 100, omwe ndi 10 miliyoni, amalemba 1,00,00,000. Iyi m'Chihindi amati karodi, m'Chibengali amati koti. Papepala la Chingerezi mudzaona mawu akuti lakh ndi crore, kapena mwachidule Cr. Mawu akuti miliyoni sawagwiritsa ntchito kawirikawiri. Miliyoni imodzi kwa iwo ndi malaki 10, yolembedwa 10,00,000.

Tiyerekeze kuti banja lina kwa Jumbe lalandira pepala la chipatala cha ku India lonena kuti opaleshoni ya amayi awo ndi Rs 12,50,000/-. Mwana wamkulu waona makoma awiri ndi 12 kutsogolo, basi mtima wagunda, ati ndi 12 miliyoni ndi theka, kalaliki wangoiwala ziro imodzi. Ayi ndithu, palibe chimene chaiwalika. Fufutani makoma onse, mutsala ndi 1250000, manambala asanu ndi awiri. Manje dulani mwa kwathu kuchokera kumanja: 1,250,000. Ndi marupi 1 miliyoni ndi 250 sauzande, kapena malaki 12 ndi theka.

Kusiyanaku n'kwakukulu. Mtengo wa rupi umasintha, choncho funsani ku banki tsiku lotumiza, koma pongoyerekezera tinene kuti rupi imodzi ndi ngwee 30. Marupi 1,250,000 akhala K375,000. Mukawerenga molakwa muja mupeza K3,750,000, kuwirikiza kakhumi. Banja likhoza kutaya mtima n'kuleka kusonkha ndalama pomwe zinali zotheka. Choopsa china n'kuwonjezera ziro pafomu ya ku banki poganiza kuti mukukonza cholakwa cha kalaliki.

Mtengo ukalembedwa m'mawu, lamulo ndi losavuta. Laki ili ndi maziro asanu, karodi ili ndi asanu ndi awiri. Choncho 2.5 lakh ndi 250,000, pomwe 1.5 Cr ndi 15,000,000. Kachizindikiro ka /- kumapeto kakungotanthauza kuti palibe timakobiri totsala. Onaninso kuti ndi ndalama ya dziko liti: ₹ kapena Rs ndi rupi ya ku India, pomwe ৳ kapena Tk ndi taka ya ku Bangladesh. Zonse amaziwerenga m'malaki, koma mphamvu zake n'zosiyana.

Ife a ku Zambia tisamadabwe kwambiri. Kuyambira pa 1 Januwale 2013 pamene kwacha inachotsedwa maziro atatu, pamsika mukumvabe achikulire akuti "miliyoni" pomwe akutanthauza K1,000. Wogula wochenjera amafunsa kuti, "Amayi, mukunena yakale kapena yatsopano?" Funso lomwelo ndi lofunika pa malaki.

Pa masiku zinthu n'zopepukirako, chifukwa maiko awiriwa amayamba ndi tsiku, kenako mwezi, kenako chaka, monga ife. Choncho 05/11/2025 ndi pa 5 Novembala. Koma pepala la Chibengali likhoza kukhala ndi chaka cha kalendala yawo, imene ku Bangladesh imayamba pa 14 Epulo. Chaka chawo cha 1432 chinayamba mu Epulo 2025, ndiye mukaona 1432 musaganize kuti makina alakwitsa.

Msampha wina uli m'maonekedwe a manambala awo. M'Chibengali ৪ imaoneka ngati 8 koma ndi 4, ndipo ৭ imaoneka ngati 9 koma ndi 7. M'Chihindi namonso ४ ndi 4. Risiti ikabwera ndi zilembo zoterezi, musaiwerenge mongoganizira.

Musanatumize ngakhale ngwee imodzi, pemphani wotumiza pepala alembe mtengo wonse m'mawu a Chingerezi, atchulenso ndalama yake, kaya ndi rupi, taka kapena dola. Inuyo mulembe nambalayo yopanda makoma, muwatumizire kuti avomereze. Pafomu ya ku banki ku Mfuwe kapena ku Chipata, lembani mwa kwathu, patatupatatu.