Kutapa penshoni nthawi isanakwane: zomwe zikuchitika ku Joni

Kuyambira pa 1 Sepitembala 2024, wogwira ntchito ku South Africa, kuphatikizapo Amalawi olembedwa ntchito mwalamulo, angathe kutapako penshoni yake asanapume. Ndalama zomwe amasonkha mwezi ndi mwezi zimagawidwa patatu: magawo awiri amatsekeredwa mpaka adzapume, gawo limodzi n'lomwe angatapeko kamodzi pachaka, kuyambira R2,000.

Tiyerekeze kuti denga lasasuka ndi mphepo, bambo wazaka 40 watapa R30,000. Ndalamayi imaonjezedwa pa malipiro ake a chakacho, ndiye ngati msonkho wake uli pa 26 peresenti, bungwe la SARS limadulapo R7,800. Osunga thumbalo nawonso amadula yawo, ndipo ngati ali ndi ngongole yakale ya msonkho, imachotsedwa pomwepo. M'manja mumafika ndalama yosakwana R22,200.

Chopweteka kwambiri sichioneka tsikulo. R30,000 ija ikanakhala m'thumba n'kumapindula 10 peresenti pachaka, pofika zaka 60 ikanapitirira R200,000, ngakhale kuti kukwera kwa mitengo kukanadyako mbali ina. Pa matenda kapena lendi yoti akutulutseni m'nyumba, n'zomveka. Koma pa nyumba, yambani mwafunsa ngati thumba lanu limalola ngongole yoikira penshoni ngati chikole, chifukwa pamenepo ndalamazo zimapitiriza kubereka.