Malipiro a mwezi woyamba: kodi amawerenga masiku ati?

Tiyerekeze mtsikana amene wapeza ntchito ya ukalaliki pa kampani ina ku Limbe. Kalata yomulemba ntchito ikuti azilandira K420,000 pamwezi, azigwira kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu, ndipo ayambe Lolemba pa 16 Juni 2025. Iye akudziwa kuti mwezi ukatha salandira ndalama zonse, poti wayamba mwezi uli pakati. Koma alandira zingati? Mukafunsa maakauntanti awiri, wina akhoza kukuuzani K210,000, mnzake n'kunena K220,000, ndipo palibe amene walakwitsa samu. Asiyana pa masiku amene akuwerenga.

Woyambayo watenga kalendala monga ilili. Juni ali ndi masiku 30, ndiye akagawa K420,000 ndi 30, tsiku lililonse likukwana K14,000. Kuchokera pa 16 kufika pa 30 pali masiku 15, kuphatikizapo Loweruka ndi Lamulungu. Akachulukitsa K14,000 ndi 15 akupeza K210,000. Maganizo ake ndi akuti munthu wolipidwa pamwezi amakhala wa kampaniyo tsiku lililonse, ngakhale Lamulungu ali kutchalitchi. Pa njira imeneyi pali msampha waung'ono umene umakola anthu ambiri: amachotsa 16 pa 30 n'kupeza 14, kuiwala kuti tsiku loyamba ntchitolo nalonso liyenera kuwerengedwa. Werengani ndi zala, mupeza 15. Kuphonya kumeneko kumadya K14,000 ya mwiniwake.

Wachiwiriyo akuwerenga masiku okhawo amene ofesi imatsegulidwa. Juni wa 2025 anayamba Lamulungu, choncho masiku a Lolemba mpaka Lachisanu analimo 21. K420,000 kugawa ndi 21 ndi K20,000 patsiku. Mtsikanayu wagwira masabata awiri athunthu, omwe ndi masiku 10, kuwonjezapo Lolemba la pa 30, onse pamodzi 11. Malipiro ake ndi K220,000.

Wina angafulumire kunena kuti njira yachiwiriyi ndiyo yokomera wantchito. Ayi, zimatengera tsiku limene munthu wayamba. Mtsikana yemweyu akanayamba Lachisanu pa 27 Juni, njira ya kalendala ikanamupatsa masiku 4, omwe ndi K56,000, pomwe njira ya masiku ogwira ntchito ikanamupatsa masiku awiri okha, Lachisanulo ndi Lolemba, omwe ndi K40,000. Woyamba Lachisanu amapindula ndi kalendala chifukwa akangogwira tsiku limodzi, masiku awiri opuma amalowa m'thumba mwake. Woyamba Lolemba nthawi zambiri amapindula ndi njira inayo chifukwa Loweruka ndi Lamulungu zimene zangodutsazo sizimuchotsera kanthu. Pakadutsa anthu ambiri, zimenezi zimafafanizana. Kampani ikasankha njira imodzi n'kumaigwiritsa ntchito kwa aliyense, wolowa ndi wotuluka yemwe, palibe chodandaulitsa kwenikweni.

Mlandu weniweni umabwera njira ziwirizi zikasakanizidwa, ndipo apa ndi pamene ndikufuna wowerenga atchere khutu. Akauntanti agawa malipiro ndi 30 n'kupeza K14,000 patsiku. Kenako atsegula buku losainamo m'mawa, aona kuti mtsikanayu wasaina ka 11, n'kuchulukitsa. Yatuluka K154,000. Chilichonse chikuoneka cholongosoka: Juni alidi ndi masiku 30, mtsikanayu wabweradi masiku 11. Koma pogawa awerengera Loweruka ndi Lamulungu, zomwe zatsitsa mtengo wa tsiku, pamene pochulukitsa masiku omwewo awataya. Mtsikanayu wataya K56,000 poyerekeza ndi njira ya kalendala, kapena K66,000 poyerekeza ndi inayo. Kusakaniza kwa mbali ina kuliponso, kugawa ndi 21 n'kuchulukitsa ndi 15, zomwe zingapereke K300,000 pa theka la mwezi. Koma kulakwitsa kotereku sikukhalitsa, abwana amakuona msanga.

Pali njira yachidule yodziwira ngati samu yasakanizidwa. Itengeni monga ilili, muiyese pa munthu amene wagwira mwezi wonse osajomba. Ngati ili yolondola, iyenera kubweza malipiro ake onse. K14,000 kuchulukitsa ndi masiku 30 ndi K420,000. K20,000 kuchulukitsa ndi 21 ndi K420,000. Koma K14,000 kuchulukitsa ndi masiku 21 amene munthuyo wasaina ndi K294,000 yokha. Samu imene ikumana munthu wosajombayo ndalama zake ndi yopotoka, ndipo ipotokanso kwa woyamba pakati pa mwezi.

Malo ena safuna kuwerenga kalendala mwezi ndi mwezi, ndiye amangokhazikitsa nambala imodzi yogawira, monga 22 kwa ogwira masiku asanu pasabata kapena 26 kwa ogwira mpaka Loweruka. Ubwino wake ndi woti mtengo wa tsiku susintha chaka chonse. Kwa mtsikana wathu, masiku 11 mwa 22 ndi theka ndendende, K210,000. Vuto limaonekera m'miyezi imene yatalikirana ndi 22. Febuluwale wa 2026 ali ndi masiku 20 okha a Lolemba mpaka Lachisanu. Munthu woyamba Lachiwiri pa 3 wangophonya tsiku limodzi, koma pomulipira masiku 19 mwa 22 alandira K362,727, ngati kuti waphonya atatu. Akanagawa ndi 20 akanalandira K399,000. Julayi wa 2025 anali ndi masiku otere 23, kotero kuti woyamba pa 2 akanalandira malipiro athunthu ngakhale tsiku loyamba kunalibe. Ine ndimaona kuti nambala yokhazikika ndi yabwino powerengera masiku a tchuthi amene munthu sanapite, koma pa mwezi woyamba kuli bwino kugwiritsa ntchito masiku enieni a mwezi umenewo.

Holide ya boma ikagwa munthu atayamba kale ntchito, monga tsiku lokumbukira ufulu wodzilamulira la pa 6 Julayi kapena Khirisimasi, wolipidwa pamwezi sadulidwa chifukwa ofesi inali yotseka. Chosavuta n'kuiwerenga ngati tsiku logwira ntchito, pogawa ndi pochulukitsa pomwe. Kuisiya m'nambala yogawira koma n'kuichotsa m'masiku a munthuyo ndi kusakaniza komwe kuja, kungoti kwabwera ndi nkhope ina. Amene amagwiritsa ntchito Excel akhoza kuwerenga masikuwa motere, ndipo yankho lituluka 11:

```
=NETWORKDAYS(DATE(2025,6,16),DATE(2025,6,30))
```

Ndalama zonse tatchulazi ndi za asanadule kanthu. Msonkho wopita ku MRA umawerengedwa pa zimene munthu wapata mwezi umenewo, osati pa K420,000 yolembedwa m'kalata, n'chifukwa chake msonkho wa mwezi woyamba umakhala wochepa kuyerekeza ndi wa mwezi wotsatira. Ndiye pofufuza musayambire pa uthenga wa ku banki umene walowa pafoni. Yambirani pamwamba pa peyisilipi, pomwe pali malipiro asanadulidwe. Lamulo la ntchito la m'Malawi la 2000 limafuna kuti wolemba ntchito azipereka chikalata chofotokoza malipiro ndi zodulidwa, choncho kuchipempha si mwano.

Mtsikana wathu akaona K154,000 pamwamba pa peyisilipi yake, sakufunika kukalipa. Agogode pa ofesi ya akauntanti, apereke moni, n'kufunsa kuti, "Pepani bambo, ndimafuna ndimvetse. Munagawa ndi masiku angati, nanga munachulukitsa ndi angati?" Akamva kuti 30 ndi 11, apemphe kuti 30 ayende ndi 15, kapena 11 ayende ndi 21, malinga ndi zimene kontirakiti kapena malamulo a pakampanipo akunena. Ndalama zotsalazo zikhoza kuwonjezedwa pa malipiro a Julayi, pamzere wakewake, kuti zioneke.